Nambala Imodzi, Makola Atatu

Pa ofesi yawo ya ku Biwi, Pearson ankadziwika ndi liwu limodzi: "Ndakonza." Akasintha china chake mu pulogalamu n'kutsegula pull request, PR mwachidule, lomwe ndi pempho loti anzako aone zimene wasintha zisanaphatikizidwe ndi zinzake, pamalo ofotokozera ankangolemba liwu limenelo basi. Wina akafunsa kuti wakonza chiyani, ankayankha kuti khodi, malamulo olembera kompyuta aja, imalankhula yokha, amene sakuimva apite azikagulitsa tomato ku Area 36.

Ofesiyo inali nyumba wamba kuseri kwa anyamata owotcherera zitsulo, ndipo pulogalamu yawo inkatchedwa Kumbutsa. Ntchito yake inali yosavuta kumva. Woweta nkhuku akagula anapiye ankalembetsa dzina lake, nambala ya foni ndi tsiku limene anapiyewo afika, ndiye Kumbutsa ankamutumizira meseji tsiku la katemera likayandikira, kaya wa chitopa kaya wa gumboro. Mzere woyamba wa pulogalamuyo anaulemba ndi Pearson. Ndi iyenso amene anaponda matope a ku Mgona ndi fumbi la kwawo ku Chinsapo kulembetsa alimi oyambirira, agalu akumuuwa, amayi ena akumuyesa wokongoza ndalama. Tsono mumtima mwake Kumbutsa anali mwana wake wobala yekha.

Kenaka kunabwera Olipa.

Olipa anali mtsikana wa ku Area 25, wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri Pearson n'choti analibe pomugwirira. Akanakhala wamwano, bwenzi zili bwino. Akanakhala waulesi, bwenzi Pearson akugona tulo tabwino. Koma ayi, mtsikanayo ankapereka moni mwaulemu, ankamutchula kuti achimwene, ndipo khodi yake inali yoyera ngati mbale za paukwati. A Malizani, eni kampaniyo, anayamba kamchitidwe konena kuti, "Tafunsani Olipa," pa zinthu zimene kale ankati, "Tafunsani Pearson." Nthawi iliyonse akatero, Pearson ankamva ngati wameza fupa la usipa n'kukakamira pakhosi.

A Malizani anali ndi lamulo lawo. Kufotokoza kwa pull request iliyonse kuzilembedwa m'Chichewa, pansi pa mitu itatu: chasintha n'chiyani, chingawonongeke n'chiyani, ndi muyese bwanji. Chifukwa chake chinali Zulekha, mayi wa ku Kawale amene ankayankha mafoni a alimi. Zulekha sankawerenga khodi, koma ndi iye amene ankatukwanidwa zinthu zikalakwika, ndiye a Malizani ankati ayenera kumva zimene zikubwera ndi kutha kuziyesa yekha. Lachisanu lililonse masana ankakhala onse pakhonde, ndipo a Malizani ankawerenga mokweza ma pull request akuluakulu a sabata imeneyo, magalasi ali pamphuno, ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Za Olipa ankaziwerenga mochita kutafuna. Akafika pa za Pearson ankati, "Ndakonza," n'kudikira pang'ono, anthu n'kuseka. Pearson ankaseka nawo, koma mano okha.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Malizani analengeza kuti gulu lalikulu la oweta nkhuku a ku Area 36 lavomera kulowa mu Kumbutsa. Ntchito ikukula, anatero, ndipo pakufunika munthu mmodzi woti aziitsogolera. Dzina la munthuyo adzalinena Lolemba lotsatira. Polankhula sanayang'ane aliyense, koma Pearson anaona kuti mphuno yawo inaloza kumene kunakhala Olipa. Anthu ansanje amaona zinthu zambiri, ngakhale kumene kwaloza mphuno.

Alimi atsopanowo asanalowe, panali vuto limodzi loti lithe. Anthu ena analembetsedwa kawiri, poyamba ndi nambala yoyamba ndi ziro, kenaka ndi yomweyo yoyamba ndi +265. Pulogalamu inkawatenga ngati anthu awiri, n'kumawatumizira meseji iliyonse kawiri, ndipo Zulekha anali atatopa ndi madandaulo. Ntchito yokonza zimenezi anapatsidwa Olipa, osati mwini mwana.

Lachitatu m'mawa foni ya Pearson inalira. Anali Olipa, mawu ake akumveka pamodzi ndi phokoso la minibasi.

"Achimwene, pepani, ndili panjira ya ku Dedza. Azakhali atisiya usiku wathawu."

"Pepani kwambiri, asisi," anatero Pearson, ndipo apa ankanenadi zoona.

"Zikomo. Koma ndili ndi pempho. Ya manambala ija ndamaliza, buranchi ndapusha kale, mayeso onse adutsa. Chatsala n'kutsegula PR ndi kulemba kufotokoza. Bwana akuifuna pakhonde Lachisanu. Mungandithandize? Inu ndi amene mumaidziwa system kuposa tonse."

Mawu omalizawo anamufika pamtima, kenaka anamupsetsa mtima chifukwa chomufika pamtimapo. Anavomera. Munthu wopita kumaliro sumukanira.

Masana onse anakhala pa buranchiyo, nthambi yapadera imene Olipa anaikamo zosintha zake, akuwerenga khodi yake mzere ndi mzere, ngati mayi akusankha mpunga, kufunafuna kamwala. Sanakapeze. Mtsikanayo analemba kachigawo kosintha nambala zonse kuti ziziyamba ndi +265. Analembanso kapulogalamu koyenda kamodzi kokha, kosonkhanitsa anthu onse a nambala yofanana, kusiyapo amene analembetsedwa komalizira, n'kufufuta enawo pamodzi ndi zikumbutso zawo. Mayeso oona ngati khodiyo ikugwira bwino analipo, ndipo pambali pa buranchiyo panali kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti onse adutsa. Pearson anatseka laputopu mutu ukumuwawa, n'kukakwera minibasi ya ku Chinsapo.

Anapeza mayi ake ali kukhola kuseri kwa nyumba, akusintha madzi a anapiye. Foni yawo yamabatani inali pazenera, ndipo asanakhale n'komwe pansi inalira kuti kwabwera meseji.

"Tandiwerengera, maso angawa atha," anatero mayi ake.

Pearson anawerenga. "Mayi Lonely, mawa ndi tsiku la katemera wa gumboro wa anapiye anu."

"Eya, imeneyo si yanga. Tapita ukawauze a Lonely pampandapo. Yanga ibwera sabata yamawa, ya a Mirriam inabwera dzana."

Pearson anaima chilili, foni ili m'manja. Anali iye mwini amene analembetsa amayi atatuwa pa nambala imodzi, chifukwa foni ya a Lonely amayenda nayo ndi amuna awo ku ntchito ya ulonda, ndipo ya a Mirriam inagwera m'chitsime chaka chatha. Si kuno kokha. Ku Mgona anaona mabanja ambiri otero, foni imodzi ikutumikira mzere wonse wa nyumba. Kapulogalamu ka Olipa kakanaona nambala imodzi, n'kusiya munthu mmodzi, ena onse n'kuwafufuta mwakachetechete. Sipakanaoneka cholakwika chilichonse pa kompyuta. Mameseji akanangosiya kubwera, basi. Mayeso anadutsa chifukwa mwa alimi ongopeka amene Olipa anayesera munalibe obwerekana foni. Mtsikana wa ku Area 25 uja, amene kwawo ngakhale wantchito ali ndi foni ziwiri, akanazidziwira kuti?

Tinene zoona, chimene Pearson anamva panthawiyo chinali chimwemwe. Anapita kumpanda kukauza a Lonely za gumboro akumwetulira, mpaka mayiwo anafunsa ngati wapeza mkazi.

Ganizo loyamba linali lokhala chete. Akanangolemba kuti Olipa wakonza manambala, mayeso adutsa, n'kusiya zinthu zidzionekere zokha. Dzina la pa khodi linali la Olipa, ndipo mlandu ukanamupeza mwini wake. Zikanakhala bwino kunena kuti analeka ganizo limeneli chifukwa choganizira anapiye a mayi ake, kapena a Lonely amene ankamuphikira phala ali mwana. Zimenezo zinabwera m'mutu mwake, inde, koma zinabwera mochedwa ndipo zinakhala kumbuyo. Chimene chinamuletsa n'choti nkhuku sizifa tsiku lomwelo zikaphonya katemera. Pakanapita masabata kuti madandaulo afike kwa Zulekha, pamene dzina la mtsogoleri likutuluka Lolemba likudzali. Nsanje yake sikanatha kudikira chitopa.

Tsono anasankha njira ina. Alemba kufotokoza kumene ofesi ya ku Biwi sinakuonepo, kuvula ntchito ya Olipa pamaso pa onse, a Malizani awerenge okha ndi pakamwa pawo.

Lachinayi anafika m'mawa owotcherera asanayambe phokoso lawo. Anatsegula pull request kuchokera ku buranchi ya Olipa, n'kuyamba kulemba. Pansi pa mutu wachiwiri analemba kuti, "Olipa sanaganizire zoti anthu osauka amabwerekana foni, chifukwa sanapondeko kukhola." Anawerenga chiganizocho katatu, chikumutsekemera. Kenaka anachimva m'mawu a a Malizani, pakhonde, mwini wake ali ndi misozi ya maliro m'maso, ndipo anaona kuti woipa akhala iye. Anachifufuta. Anachotsa dzina la Olipa paliponse, anachotsa "mwatsoka," anachotsa "n'zodabwitsa kuti." Mpeni wabwino, anaganiza, susowa kulengeza kuti ukucheka.

Vuto linabwera pa mutu wachitatu. Kunena kuti chinthu chiwonongeka n'kosavuta, koma Olipa akanatha kuyankha kuti ndi maganizo chabe. Pearson ankafuna kuti Zulekha aone ndi maso ake mlimi akusowa. Choncho anachita zimene sanachitepo pa ntchito yake yomwe. Anaika buranchiyo pa seva yoyesera, kompyuta imene mameseji ake sapita kwa alimi enieni. Analembetsa amayi awiri ongopeka pa nambala imodzi, anayendetsa kapulogalamuko, ndipo mmodzi anasowadi. Anabwezeretsa zonse, n'kubwereza, akulemba sitepe iliyonse mmene waichitira. Pamene anaona kuti Zulekha angasochere, anawonjezera dzina la batani loti adine. Anayesanso kubweza khodi kuti ikhale ngati kale, kufuna kuona ngati mayi wofufutidwayo abwerera. Sanabwerere, ndipo Pearson anatsala pang'ono kuvina. Anaiwala ndi chakudya chamasana chomwe.

Pofika madzulo kufotokozako kunali motere:

"Chasintha n'chiyani. Nambala zonse za alimi ziziyamba ndi +265, zakale ndi zatsopano zomwe. Pali kapulogalamu koyenda kamodzi kamene kakusonkhanitsa alimi a nambala yofanana, kusiya amene analembetsedwa komalizira ndi kufufuta enawo. Cholinga n'choti mlimi wolembetsedwa kawiri asamalandire meseji kawiri. Mawu a m'mameseji ndi masiku a katemera sizinakhudzidwe.

"Chingawonongeke n'chiyani. Nambala yofanana sikutanthauza munthu mmodzi. Ku Chinsapo ndi ku Mgona kuli alimi osiyana, a makola osiyana, olembetsedwa pa foni imodzi. Kapulogalamuka kawatenga ngati munthu mmodzi, ndipo onse kupatula mmodzi asiya kulandira zikumbutso. Sipaoneka uthenga uliwonse wosonyeza cholakwika. Mayeso akudutsa chifukwa mulibe chitsanzo cha foni yobwerekana. Kubweza khodi sikubweza alimi ofufutidwa. Angabwerere pokhapokha titasunga bakapu, kope la mndandanda wa alimi onse, tisanayendetse kapulogalamuka. Isaphatikizidwe vutoli lisanathe.

"Muyese bwanji. Buranchiyi ili kale pa seva yoyesera. Lowani, dinani Mlimi Watsopano. Lembetsani mayi mmodzi ndi nambala iliyonse, anapiye ake akhale ofika lero. Lembetsani mayi wina wa dzina losiyana, nambala yomweyo, anapiye ake akhale ofika sabata yatha. Tsegulani Zikumbutso, muona amayi awiri. Dinani Konzani Manambala pa tsamba la oyang'anira, kenaka tsegulaninso Zikumbutso. Payenera kukhala amayi awiri. Panopa pakutsala mmodzi. Bwerezani ndi munthu mmodzi wolembetsedwa kawiri, poyamba ndi ziro kenaka ndi +265. Apa payenera kutsala mmodzi, ndipo zikuterodi."

Chiganizo chomalizacho chinamuwawa kulemba, chifukwa chinkasonyeza kuti mbali ina ya ntchitoyo ili bwino. Koma anachisiya, poganiza kuti munthu wooneka wachilungamo amamvedwa msanga. Anaika a Malizani ndi Zulekha ngati oti aone pempholo, popeza wotsegula pull request sangaivomereze yekha, n'kutumiza.

Zulekha anabwera pa tebulo lake asanaweruke, mpango wake uli bwinobwino ngati kuti kunja sikukutentha.

"A Pearson, ndayesa. Mayi mmodzi wasowadi."

"Mwaona nokha."

"Ndaona. Ndipo aka n'koyamba kuti ndimve zimene mwalemba popanda kukufunsani." Anamuyang'ana. "Mwini wake mwamuimbira?"

"Ali pamaliro, sindingamusokoneze."

"Mmm," anatero Zulekha. Mayi ameneyu ankakhala tsiku lonse akumvetsera anthu pafoni, ndipo ankadziwa kusiyanitsa ulemu ndi zina zovala malaya a ulemu. Anatenga chikwama chake n'kumapita ku Kawale.

Lachisanu masana Olipa anafika molunjika kuchokera ku Dedza, chitenje chili m'chiuno, maso ali otupa, fumbi lili m'nsapato. Atamupepesa onse, anakhala pakhonde. Ananena kuti kumudziko netiweki inali yovuta, ndiye PR sanaione.

A Malizani anakweza magalasi, anayang'ana pa laputopu, n'kunena mwachizolowezi kuti, "Ya Pearson." Anthu anakonzekera kuseka. Koma bwanayo anakwinya pachipumi, n'kutsitsa tsambalo pansi, n'kulitsitsanso.

"Iyi ndi yaitali," anatero, n'kuyamba kuwerenga.

Atafika pa mutu wachiwiri, pakhonde pankangomveka kulira kwa makina a owotcherera. Pearson sankayang'ana a Malizani. Ankayang'ana Olipa, ndipo anaona zimene anakhala akuzilakalaka chaka chonse. Nkhope ya mtsikanayo inagwa. Anaika dzanja pakamwa. Pa mawu oti "onse kupatula mmodzi" anatseka maso. Kukoma kwake kunamufika Pearson mpaka m'zala za kumapazi, ndipo akanakonda kuti a Malizani abwereze ndimeyo.

Bwanayo atamaliza, anavula magalasi. "Olipa, ukutipo chiyani?"

Apa Pearson ankayembekezera kudziteteza, mwina kulira, mwina kunena kuti cholakwa n'cha amene analembetsa anthu atatu pa foni imodzi. Mayankho a zonsezi anali atawakonza kale m'minibasi.

"N'zoona, bwana," anatero Olipa. "Sindinaganize za foni zobwerekana. Ndinalakwitsa ndine." Anatembenukira kwa Pearson. "Achimwene, alimi otere ndi ambiri?"

"Ambiri ndithu," anayankha Pearson, mawu akutuluka olemera kuposa mmene ankafunira.

"Ndiye tisafufute aliyense. Tiziphatikiza okhawo amene nambala, dzina ndi tsiku la anapiye zikufanana, ndipo wobwerezedwayo tizingomubisa, osamufufuta, kuti tikalakwitsa abwerere. Amene nambala ikufanana koma zina zikusiyana, tiwasiye mmene alili, tiwaike pambali kuti a Zulekha awaimbire. Chitsanzo cha amayi awiricho ndichisandutsa mayeso, kuti wina akadzabwereza cholakwa changachi kompyuta idzakane." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Masitepe alembedwa kale, sindivutika. Mundipatse mpaka mawa masana."

A Malizani anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo Pearson sanakonde kagwedezedwe kake.

Loweruka masana zosinthazo zinalowa mu pull request yomweyo. Olipa anakonzanso kufotokoza kuti kugwirizane ndi khodi yatsopano, koma mawu ambiri a Pearson anawasiya. Zulekha anatsatira masitepe aja ali kunyumba kwake, n'kulemba pansi pake kuti amayi awiri aja onse alipo. A Malizani anavomereza, anasunga bakapu monga kunalembedwera, n'kuphatikiza. Palibe mlimi amene anasowa. Pearson anaona zonsezi pafoni yake atakhala pa benchi ya ometa tsitsi ku Chinsapo, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kumulowa m'mutu kuti dzenje limene anakumba lija, analizunguliranso ndi mpanda, n'kuikapo chikwangwani ndi nyali.

Komabe Lolemba anavala shati yoyera. Anadziuza kuti a Malizani si mwana, aona okha amene anapulumutsa kampani.

Anaonadi. Anayamba ndi iye, onse ali pakhonde.

"Pearson, zaka zonsezi umatibisira luso. Zimene unalemba zija ndazisunga, aliyense wobwera kudzagwira ntchito pano aziyamba wawerenga. Iwe uli ndi diso loona pamene chinthu chingathyokere, ndipo diso limenelo sindikufuna litanganidwe ndi misonkhano ya ku Area 36. Kuyambira lero, palibe PR yolowa mu Kumbutsa iwe usanaione."

Pearson ankadziwa kuti chiganizo chotsatira chili ndi dzina la wina.

"Wotsogolera akhala Olipa. Ndinali ndi nkhawa imodzi yokha, kuti sindinamuonepo atalakwitsa, ndiye sindinkadziwa kuti zikadzatero adzatani. Lachisanu ndinaona. Munthu wauzidwa pagulu kuti walakwa, akuchokera kumaliro, ndipo funso lake loyamba ndi la alimi. Nkhawa yanga inathera pompaja."

Anthu anaomba m'manja. Pearson anaomba nawo, ndipo manja ake ankamveka ngati a munthu wina. Zulekha sanamuyang'ane, zomwe zinali zopweteka kuposa kumuyang'ana.

Poweruka Olipa anamuimitsa pageti. Anali ndi kathumba ka mbatata ya kachewere ya ku Dedza, kamene anakasunga kuseri kwa chitseko kuyambira Lachisanu.

"Achimwene, aka ndinakutengerani chifukwa chondilembera PR. Sindinkadziwa kuti mwandichitira zoposa pamenepo. Wina akanangolemba mizere iwiri n'kundisiya ndigwe."

Pearson anafufuza pankhope yake, kufuna kupezapo kachipongwe ngakhale kakang'ono, kuti apeze chomudera. Panalibe. Mtsikanayo ankathokoza ndi mtima wonse.

"Ndi ntchito, asisi," anatero, n'kulandira ndi manja awiri.

Kathumbako kanali kolemera, ndipo m'minibasi kondakitala anamuuza kuti akanyamule pamiyendo. Kunyumba mayi ake anamasula, anatola imodzi n'kuikanda ndi chala, n'kunena kuti mbatata yotere ku msika wa Chinsapo siipezeka.

"Wakupatsa ndani?"

"Mnzathu wa kuntchito. Bwana wanga watsopano."

"Koma ndiye ndi munthu woleredwa bwino. Umugwire bwino ameneyo, mabwana otere ndi osowa."

Foni yamabatani ija inalira pazenera. Inali meseji ya mayi ake, ya katemera wa chitopa, yofika pa tsiku lake ndiponso kamodzi kokha. Pearson anawawerengera, ndipo asanaiike pansi, foni yake nayo inanjenjemera m'thumba. Olipa anali atatsegula pull request yatsopano, ya alimi a ku Area 36, ndipo dzina la woti aione linali lake.

Anakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi khola, anapiye akulira kumbuyo kwake, n'kutsegula laputopu. Kufotokozako kunali ndi mitu itatu ija. Pansi pa wachiwiri, mzere woyamba unali wa foni zobwerekana, ndipo masitepe oyesera anayamba ndi amayi awiri a nambala imodzi, mmene iye anachitira. Anayamba kuwerenga khodi mzere ndi mzere, kufunafuna kamwala, monga mmene azichitira mawa ndi mkuja ndi sabata zonse zikubwerazo. Anadziwa tsopano kuti kalikonse kamene angapeze, mtsikanayo adzakakonza, adzathokoza, ndipo Kumbutsa wa Olipa adzakhala wabwino kuposa dzulo.

Anafika kumapeto osapeza kanthu. Mayi ake anafuula kuchokera kukhitchini kufunsa ngati mbatatayo aikazinge kapena aiphike.

"Mmene mungakondere, amayi," anayankha, n'kubwerera pamzere woyamba.